Magetsi akabwera, kodi mafayilo atsalira amapita?

"Abwera!" Mawu awa akamveka mu ofesi aliyense amathamangira pampando wake. Fani imayamba kuzungulira, pulinta imakhosomola, timagetsi ta rauta timayamba kuphethira, ndipo pakangopita mphindi zochepa ntchito imaoneka ngati yabwerera mwakale. Koma pali ntchito imodzi imene kawirikawiri siibwerera nawo, ndipo palibe amene amaiona chifukwa imachitika mwakachetechete. Iyi ndi ntchito yolunzanitsa mafayilo, imene imatenga zimene zalembedwa mu ofesi n'kuzikopera kumalo ena, kaya pa diski yapadera kapena pa seva yakutali, kuti tsiku limene kompyuta idzafe ntchito isadzafere limodzi nayo.

Ku Malawi nkhaniyi si yachilendo. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa ndi kampani ya EGENCO pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo ESCOM ndi imene imawagawa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana ataononga malo a Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo maofesi ambiri anazolowera kugwira ntchito motsatira ndandanda ya kuthima kwa magetsi. Mapulogalamu ambiri okopera mafayilo anakonzedwa ndi anthu amene ankaganiza za kompyuta yoyaka usana ndi usiku. Akafika kuno amafunika kuwaphunzitsa khalidwe lina: asamangofunsa kuti nthawi ili bwanji, koma azifunsa kuti ntchito inatha bwino liti komaliza.

Kuti zimveke, tiyerekeze ofesi yaing'ono ya owerengera ndalama mumzinda wa Zomba. Muli antchito anayi, ndipo pakona pali kakompyuta ka Ubuntu kamene kamasunga foda imene onse amalembamo. Mnyamata amene anakonza makinawo anatchera kuti 2 koloko usiku uliwonse fodayo izikopedwa kupita ku seva yakutali pogwiritsa ntchito `rsync`, pulogalamu imene Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anatulutsa mu 1996. Pulogalamuyi ndi yabwino pa ntchito yotere chifukwa imayerekeza kukula kwa fayilo ndi nthawi imene inasinthidwa, kenaka imangotumiza zimene zasintha. Komabe mwini ofesi atafuna fayilo ina pa seva ija, anapeza kuti zomaliza kufikako n'za masabata atatu apitawo. Kompyuta inkayaka tsiku lililonse ndipo sinadandaulepo kanthu. Chinachitika n'chiyani?

Nthawi ikadutsa kompyuta ili chigonere

Vuto loyamba ndi la wotchi. Pa makompyuta a Linux, pulogalamu yakale yoyambitsa ntchito pa nthawi yake ndi `cron`. Mphindi iliyonse imayang'ana ndandanda yake, ndipo ikapeza ntchito yolembedwa pa mphindi imeneyo imaiyambitsa. Ngati 2 koloko yakwana magetsi atathima, palibe woyang'ana ndandandayo. Kompyuta ikayaka 7 koloko m'mawa, `cron` sitembenuka kuona zimene zadutsa, imangodikira 2 koloko ina. Usiku wotsatirawo magetsi akathimanso, tsiku lachiwiri lapita.

Mankhwala ake alipo kale m'kompyutamo. Ubuntu ndi Debian ali ndi `systemd`, imene ili ndi mawotchi akeake oyambitsira ntchito, ndipo mzere umodzi wokha umasintha zonse:

```
[Timer]
OnCalendar=hourly
Persistent=true
```

Mzere wa `Persistent=true` umauza kompyuta kuti izilemba pa diski nthawi imene inayambitsa ntchitoyo komaliza. Ikayaka n'kuona kuti nthawi yoikika inadutsa ili chithimire, imayambitsa ntchitoyo pompo. Imatero kamodzi kokha ngakhale kuti inaphonya maulendo khumi, ndipo zimenezo n'zokwanira, chifukwa `rsync` ikayamba imasesa zonse zotsalira.

Maofesi ambiri amagwiritsa ntchito Windows, ndipo kumeneko nkhani ndi yomweyi. Mu Task Scheduler, pansi pa Settings, pali kabokosi kolembedwa "Run task as soon as possible after a scheduled start is missed", kamene kamakhala kosachonga mpaka munthu atakachonga. Kakachongedwa, ntchito yophonyedwa imayamba pakapita mphindi pafupifupi 10, choncho munthu asafulumire kunena kuti sizikugwira. Pa lapitopu pali kabokosi kena pansi pa Conditions, "Start the task only if the computer is on AC power", kamene kamabwera kochongeratu ndipo kamaletsa ntchitoyo nthawi yonse imene lapitopu ikuyendera batire. Mapulogalamu monga OneDrive ndi Google Drive nawonso ali ndi chizolowezi chawo: sayamba kulunzanitsa mpaka munthu atalemba pasiwedi n'kulowa. Kompyuta yoyaka koma yoima pa sikirini yofunsa pasiwedi situmiza kanthu.

Pa chitsanzo chili pamwambapa mwalembedwa `hourly`, kutanthauza ola lililonse, osati usiku wokha. Chifukwa chake n'chakuti wotchi ija imakumbukira kuti inayambitsa ntchito, koma sisamala ngati ntchitoyo inatha kapena inalephera. Ikanakhala ya kamodzi patsiku, kulephera kumodzi kukanataya tsiku lonse. Ikamabwera ola lililonse, kulephera kwa 9 koloko kumakonzedwa 10 koloko. Bandulo siithera pamenepa, popeza ngati palibe chasintha `rsync` imangoyerekeza mndandanda wa mafayilo n'kutseka.

Kuyaka msanga kuposa anzake

Vuto lachiwiri limabadwa pa kuthetsa loyambalo. Ntchito ikamayamba kompyuta ikangoyaka, nthawi zambiri imayamba zinthu zina zisanakonzeke. Kakompyuta kokhala ndi diski yamakono kamatha kuyaka m'masekondi osakwana makumi atatu, pamene rauta imatenga mphindi ingapo kuti ipeze netiweki. Pulogalamu imagogoda pa seva, sipeza njira, n'kusiya.

Choopsa kwambiri ndi diski. Mu ofesi ya ku Zomba ija, foda ya antchito ili pa diski yachiwiri imene imaonekera pa `/srv/ofesi`. Magetsi akathima mwadzidzidzi, diski yotere nthawi zina imachedwa kapena imakana kulumikizika poyaka. Zikatero malo aja amaoneka ngati foda yopanda kanthu. Ngati lamulo la `rsync` lili ndi `--delete`, limene limafufuta ku seva chilichonse chimene kulibe ku ofesi, pulogalamu imaona kuti ofesi ilibe fayilo ngakhale imodzi, ndipo mokhulupirika imakafufuta zonse ku seva. Mbali inayo ikhozanso kuchitika: ngati diski yosungirapo ndiyo sinalumikizike, mafayilo amathiridwa pa diski ya kompyuta yomweyo mpaka kudzaza. N'chifukwa chake lamulo loyamba mu pulogalamu yolunzanitsa liyenera kufunsa ngati diski ilipodi, ndipo ngati palibe, zonse ziime. Pa Linux funsoli ndi `mountpoint -q`. Amene akufunabe `--delete` angaonjezere `--max-delete=50` kuti ngozi ikachitika isapitirire mafayilo 50.

Chachitatu chimene chimachedwa ndi nthawi yeniyeni. M'kati mwa kompyuta muli kabatire kozungulira kooneka ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, ka mavoti atatu. Ntchito yake ndi kuyendetsa wotchi pamene kompyuta ilibe moto. Kompyuta ikamakhala maola ambiri yopanda magetsi, kabatireka kamagwira ntchito yochuluka ndipo kamatha msanga. Kakatha, kompyuta imayaka ikuganiza kuti ili m'chaka china chakale. Makompyuta aang'ono a Raspberry Pi, kupatula Pi 5, alibe n'komwe wotchi yotere, amadalira kufunsa nthawi pa intaneti.

Wotchi yolakwika imaononga m'njira ziwiri. Mapulogalamu olumikizana ndi seva kudzera m'ziphaso za chitetezo amakana kulankhulana, chifukwa chiphasocho chimaoneka ngati nthawi yake sinakwane. Ndipo pamene kulunzanitsa kumayendera lamulo lakuti fayilo yatsopano ndiyo ipambane, kalata yolembedwa lero koma yodindidwa chaka chakale imagonja kwa ya dzulo. Kudziwa kuti wotchi ili bwino n'kosavuta: lamulo la `timedatectl` liyenera kuonetsa mzere wakuti `System clock synchronized: yes`. Kuti ntchito izidikira mpaka nthawi itakonzeka, wokonza makina amayatsa ichi:

```
sudo systemctl enable systemd-time-wait-sync.service
```

Ubwino wake ndi wapawiri. Popeza nthawi yolondola imachokera pa intaneti, kudikira wotchi ndi kudikiranso rauta. Koma pali malire: ngati bandulo yatha, wotchi ija idikira mpaka intaneti itabwera. Kwa ofesi yotumiza ku seva yakutali palibe chotayika, koma kwa imene imangokopera pa diski ya pambali, njirayi ingaimitse ntchito popanda chifukwa, ndipo kugula kabatire katsopano ndiye nzeru.

Kudukizidwa pakati pa ntchito

Zonsezi sizinafotokozebe masabata atatu aja. Chimene chinapha ntchito ya ku Zomba chinachitika usiku wina pamene magetsi analipo 2 koloko, ntchito n'kuyamba bwinobwino, kenaka n'kuthima 2:30.

Mnyamata wokonza makina uja anali wosamala. Pofuna kuti ntchito ziwiri zisamayende nthawi imodzi, anakonza kuti pulogalamu ikamayamba izipanga kafayilo kosonyeza kuti ntchito ili m'kati, ndipo ikamaliza izikafufuta. Zili ngati chitenje chimene munthu amakoleka pakhomo la bafa kuti ena adziwe kuti muli munthu. Magetsi atathima, wosambayo anachoka koma chitenje chinatsala. Usiku uliwonse pulogalamu inkafika, n'kuona kafayiloko, n'kubwerera mwaulemu osanena kanthu. Bwenzi ikuterobe mpaka lero mwini ofesi akanapanda kufuna fayilo ija.

Njira yabwino ndi lamulo la `flock`. Loko wake sadalira kuti kafayilo kalipo kapena palibe, koma amagwiridwa ndi pulogalamu imene ikuyenda. Pulogalamuyo ikafa, kaya bwino kaya mwadzidzidzi, loko amamasuka yekha, ndipo kompyuta ikayakanso imayamba popanda choitsekereza.

Kudukizidwa kumabweretsanso vuto la fayilo yaikulu. Mu ofesi ija munali fayilo ya mamegabaiti 800 ya zikalata zojambulidwa pa sikana. Ngati intaneti ikutumiza mamegabiti awiri pa sekondi, fayiloyi imafuna mphindi pafupifupi 53. Pamene magetsi ankathima 2:30, panali patapita mamegabaiti pafupifupi 450. Mwachibadwa, `rsync` imalemba fayilo yobwerayo pa dzina losakhalitsa ndipo imaipatsa dzina lenileni ikafika yonse. Izi n'zabwino, chifukwa fayilo yakale ku seva sionongeka. Koma ntchito ikadukizidwa, chidutswacho sichigwiritsidwanso ntchito, ndipo ulendo wina zonse zimayambira pachiyambi. M'sabata imene magetsi akuyaka mphindi makumi anayi n'kuthima, fayiloyo singafike, koma bandulo imadyedwa ulendo uliwonse.

Zinthu ziwiri zimathetsa izi. `--partial-dir` imauza seva kuti isunge chidutswa chimene chafika m'kafoda kapadera. `--timeout` imaiuza kuti ikaona mbali ya ofesi yakhala chete kwa masekondi akutiakuti, isiye kudikira n'kusunga chidutswacho. Chachiwirichi n'chofunika chifukwa kompyuta yothimiridwa magetsi sitsanzika, ndipo seva ikhoza kukhala nthawi yaitali ikuyembekezera mnzake amene kulibe. Zonse pamodzi zimakwana m'mizere yochepa:

```
#!/bin/sh
mountpoint -q /srv/ofesi || exit 1
flock -n /run/lunza.lock \
  rsync -a --partial-dir=.pakati --timeout=120 \
  /srv/ofesi/ seva:ofesi/ \
  && date > /var/lib/lunza/zatheka
```

Mzere woyamba pansi pa mutuwo umafunsa za diski. Wotsatira umagwira loko, kenaka `rsync` imatumiza. Mzere womaliza umalemba tsiku ndi nthawi m'kafayilo kotchedwa `zatheka`, ndipo zizindikiro za `&&` zimatanthauza kuti kulembako kumachitika pokhapokha ngati `rsync` yamaliza popanda cholakwika.

Tsiku limodzi zinthu zitakonzedwa

Tsopano tione ofesi yomwe ija Lachinayi lina. Magetsi athima 9 koloko m'mawa, antchito apita kukadya, ndipo abwera 2:10 masana mu ofesi mulibe munthu. Kale kompyuta ikanadikira chala cha munthu. Koma mu BIOS mwasinthidwa mzere umene makampani amautchula mosiyanasiyana, ena "Restore on AC Power Loss", ena "AC Recovery" kapena "After Power Loss", n'kuikidwa pa "Power On". Moto ukangofika, kompyuta iyaka yokha.

Iyaka, koma siithamanga. Idikira rauta mpaka nthawi yolondola ifike. Wotchi yoyambitsa ntchito iona kuti maola a 10, 11, 12, 1 ndi 2 koloko adutsa, ndipo iyambitsa ntchito kamodzi. Diski ilipo, loko ndi womasuka. `rsync` ipeza mamegabaiti 450 akudikira mu `.pakati`, iwayerekeza ndi fayilo ya ku ofesi, n'kutumiza 350 otsala okha, amene atenga mphindi pafupifupi 23. Pofika 2:40 kafayilo ka `zatheka` kali ndi deti la tsiku limenelo. Magetsi akanathimanso 2:25, chidutswa chikanakula ndithu, ndipo ulendo wotsatira ukanangomalizitsa.

Kudziwa kuti zikuyendadi

Phunziro lalikulu la masabata atatu aja n'lakuti kompyuta kukhala chete si umboni kuti zinthu zili bwino. Umboni ndi kafayilo ka `zatheka`. Mwini ofesi safunika kudziwa Linux kuti akawerenge: ngati deti lake ndi la lero kapena dzulo, mafayilo ali kutali, ngati ndi la sabata yatha, pali vuto ngakhale timagetsi tonse tikuphethira. Wokonza makina akhoza kukayika pamalo oti kazioneka mosavuta, kapena kukonza kuti seva yakutali ndiyo izitumiza uthenga ikatha masiku awiri osalandira kanthu. Uthengawo uzichokera ku seva, chifukwa kompyuta yothima singadzinenere.

Deti likatsalira, nambala imene `rsync` imasiya pomaliza imaloza kumene kuli vuto. 0 ndiye kuti zonse zatheka. 30 ndiye kuti kulumikizana kunakhala chete mpaka nthawi yodikira inatha, zomwe zimaloza ku intaneti. 23 ndiye kuti mafayilo ena sanapite, mwina chifukwa cha zilolezo kapena diski yodwala. 24 ndiye kuti fayilo ina inachoka ntchito ili m'kati, zomwe zimachitika masana anthu akugwira ntchito ndipo ola lotsatira zimadzikonza. Lamulo la `systemctl list-timers` limaonetsa nthawi imene ntchito inayambitsidwa komaliza ndi imene idzayambe.

Pali zinthu ziwiri zimene njira zonsezi sizingachite. Magetsi akathima munthu akusunga fayilo, fayiloyo ikhoza kuonongeka, ndipo kulunzanitsa kwabwino kumanyamula yoonongekayo n'kukaphimba nayo yabwino ku seva. Pofuna kupewa izi, `rsync` ili ndi `--backup` ndi `--backup-dir`, zimene zimasamutsira fayilo yakale pambali m'malo moifufuta. Komanso fayilo ya pulogalamu yowerengera ndalama ikakopedwa ili yotsegula, kope lakelo likhoza kukana kutseguka. Yotere imafuna kuti pulogalamuyo ipange yokha kope losungira, ndipo kope limenelo ndilo lilunzanitsidwe.

Nanga UPS? Kabokosi aka kamathandiza kwambiri, makamaka ngati rauta yalumikizidwanso pamenepo, koma kaang'ono ka mu ofesi kamasunga moto kwa mphindi, osati maola. Phindu lake lenileni limaoneka kakalumikizidwa ku kompyuta ndi waya wa USB, ndipo pulogalamu monga `apcupsd` kapena NUT n'kumazimitsa kompyutayo mwadongosolo batire lisanathe. Kamateteza diski, koma sikabweza ntchito imene yaphonyedwa.

Chotsala ndi kuyesa, ndipo kuyesako kuchitike mwadala tsiku lopanda ntchito yambiri, mafayilo onse atatsekedwa ndipo kope lina litasungidwa pambali. Muike fayilo yaikulu yoyesera mu foda, mudikire kuti iyambe kupita, kenaka muzimitse kompyuta ndi rauta pakhoma nthawi imodzi. Pakapita mphindi zisanu muyatse pakhomapo osakhudza batani lililonse. Ngati kompyuta yayaka yokha, fayilo yafika yathunthu ku seva, ndipo `zatheka` ikuonetsa nthawi yatsopano, makina anu apambana mayeso. Ngati chimodzi mwa zitatuzi sichinachitike, muitaneni wokonza makina sabata yomweyo, ndipo asachoke musanaonere limodzi mayesowo akutheka.